Bulufeni si panado wamphamvu

Imani pang'ono pa okala iliyonse madzulo, nthawi imene anthu akuweruka ku ganyu, mudzamva nkhani imodzimodzi. Wina wafika akudzigwira m'chiuno. "Achimwene, ndipatseni a kuphwanya kwa thupi." Wogulitsa amafunsa funso limodzi lokha: "Panado kapena bulufeni, bambo?" Yankho limakhala lodziwikiratu. "Bulufeni. Panado sandigwira ine." Mibulu inayi yakulungidwa m'kapepala, chenje chaperekedwa, nkhani yatha.

Zimene zimandivuta pa malondawa ndi maganizo amene ali kuseri kwa funsolo. Ambirife timaona ngati panado ndi bulufeni ndi mwana ndi mkulu wake a m'nyumba imodzi, kuti wina ndi wofooka, wina ndi wamphamvu, ndipo wokhala ndi ndalama asankhe wamphamvuyo. Si choncho. Awiriwa ndi a mitundu yosiyana. Bulufeni, amene dzina lake lenileni ndi ibupulofeni, abale ake ndi dayikolofenaki, indometasini amene ambiri amamudziwa kuti indosidi, napulokiseni ndi asipilini. Banja limeneli lili ndi khalidwe limodzi lomwe panado alibe: pothetsa ululu limavula chifu chofunda chake, ndipo limalanda impso njira yodzipulumutsira pa tsiku la mavuto. Ndiye ine ndikuti mankhwala amenewa sayenera kugulitsidwa kapena kumwedwa popanda kufunsa kaye kuti akumwayo ndani, akumwa mankhwala ena ati, ndipo lero thupi lake lili bwanji.

Ndisanapitirire, ndinene kuti ibupulofeni ndi mankhwala abwino. Anawapanga ku Nottingham, ku Mangalande, m'gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Stewart Adams, ndipo madokotala a kumeneko anayamba kuwalembera odwala nyamakazi mu 1969. Pofika 1983 boma la dzikolo linalola kuti azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, chifukwa pa mulingo wochepa ndi ofatsa kuposa abale ake ambiri. Mtsikana wathanzi amene akumva kupweteka kwa msambo, kapena mnyamata amene dzino lamugoneka chiimire, akamwa mamiligalamu 400 katatu pa tsiku kwa masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri amapeza bwino ndipo palibe choipa chimamuchitikira. Pa ululu wobwera ndi kutupa, bulufeni amaposadi panado. Anthu sanama akamatero.

Koma kuti timvetse pamene pagona ngozi, tiyenera kudziwa chimene mankhwalawa amachita akalowa m'magazi. Chinsinsichi anachitulukira John Vane mu 1971, ndipo analandira nacho mphoto ya Nobel mu 1982. Thupi limapanga timadzi tina totchedwa pulositagilandini. Mukabinya phazi, timadziti timachuluka pamalopo, n'kuchititsa kuti patupe, patenthe, ndipo mitsempha imve ululu msanga. Bulufeni ndi abale ake amatseka kumene timadziti timapangidwira. Ululu umachepa. Vuto ndi lakuti mbulu wa mankhwala sudziwa kuti mwabinya phazi lamanzere. Umasungunuka, n'kuyenda ndi magazi thupi lonse, ndipo umatseka kapangidwe ka timadziti paliponse, ngakhale kumene timagwira ntchito zina zosakhudzana ndi ululu.

Malo oyamba ndi m'chifu. Chifu chimatulutsa asidi woopsa, wotha kusungunula nyama imene mwadya. Nanga n'chifukwa chiyani sichidzigaya chokha, popeza nachonso ndi nyama? N'chifukwa chakuti khoma lake lamkati limakutidwa ndi zinthu zonanda ngati thelere, zosakanikirana ndi timadzi tozimitsa ukali wa asidi, ndipo pansi pake pamayenda magazi okwanira okonza msanga pamene pakandika. Amene amalamula kuti thelereli lipangidwe ndi kuti magaziwo aziyenda ndi pulositagilandini yemweyo. Mukamutseka, thelere limachepa, asidi amafika pa khoma, pamayamba kusupuka, kenako chilonda. Chilondacho chikakumba mpaka kupeza mtsempha, munthu amataya magazi mkati. Ndipo popeza mankhwala omwewa amachedwetsanso kuundana kwa magazi, kutayako sikusiya msanga. Nthawi zina chilonda chimaboola chifu, zam'kati n'kukhuthukira m'mimba monse, ndipo apo palibenso njira ina koma opaleshoni ya changu.

Apa pali zikhulupiriro ziwiri zofunika kuzigwetsa. Choyamba ndi chakuti ukamwa bulufeni utadya nsima ndiye kuti watetezeka. Kudya kumachepetsa kutentha pamtima ndi nseru, ndipo ndi bwino kutero, koma sikuletsa chilonda, chifukwa kuwononga kwakukulu kumadzera m'magazi, osati pamene mbulu wagwera. Chachiwiri chimachokera pomwepo: ambiri amakonda jakisoni wa dayikolofenaki poganiza kuti popeza sanameze kanthu, chifu sichikhudzidwa. Jakisoni amalowa m'magazi omwewo ndipo amafika ku chifu ndi ku impso chimodzimodzi. Opaka pakhungu okha ndi amene amalowa m'magazi pang'ono kwambiri, n'chifukwa chake kwa agogo a bondo limodzi lopweteka, opaka ndi abwino kuposa omeza.

Choopsa china n'chakuti chilonda chobwera ndi mankhwalawa nthawi zambiri sichichenjeza. Munthu amatha kusamva kupweteka kulikonse m'mimba, chizindikiro choyamba n'kukhala chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha mwachilendo, kapena masanzi a magazi, kapena ooneka ngati nsenga za khofi. Ena amangoona kuti akuchita chizungulire akaimirira, mtima ukugunda msanga, zikhatho zayera. Mapilitsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma munthu amene wakhala akumwa bulufeni asadzitonthoze ndi zimenezo. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za chifu anthu ena anamvapo. Za impso ndi zimene sizidziwika, ndipo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku, impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, n'kubwezera m'thupi pafupifupi onse, kusiya lita imodzi ndi theka kapena awiri a mkodzo wonyamula zoipa. Kuti kasefa kagwire ntchito, magazi ayenera kufikapo ndi mphamvu. Amene anathirirapo m'dimba la mthirira amvetsa: kuti madzi akwere n'kulowa m'mabedi, mumatsekula kumtunda kwa ngalande, n'kutchinga pang'ono kumunsi. Kasefa kalikonse ka mu impso kalinso ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Thupi likakhala ndi madzi okwanira, zonse zimayenda zokha, ndipo pulositagilandini alibe ntchito yaikulu. N'chifukwa chake mnyamata wathanzi uja amamwa bulufeni osaona kanthu. Koma madzi akachepa m'thupi, kaya chifukwa cha kutsekula m'mimba, kusanza, malungo kapena thukuta la mu Okutobala, thupi limafinya mitsempha kuti magazi otsalawo afike ku ubongo ndi ku mtima. Impso imadzipulumutsa m'njira ziwiri: pulositagilandini amatsekula kamtsempha kolowetsa, ndipo timadzi tina timafinya kotulutsa, kuti mphamvu pa sefa isagwe. Pa tsiku limenelo moyo wa impso uli m'manja mwa pulositagilandini. Bulufeni akafika, amachotsa dzanja lomwelo.

Tiyerekeze munthu mmodzi, wofanana ndi ambiri amene timawadziwa. Bambo wa zaka 62, wodwala kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala amalandira mitundu iwiri: mapilitsi okodzetsa aja a hayidulokolorothayazayidi, ndi enalapulilo. Amamwa mokhulupirika, ndipo mankhwalawo akumuthandiza. Mu Okutobala wakhala sabata yonse akugalauza, dzuwa lili pamutu, ndipo msana wayamba kuvuta. Lolemba wagula bulufeni wa mamiligalamu 400. Mbulu umodzi sunamukhutitse, ndiye wayamba kumwa iwiri iwiri katatu pa tsiku. Tiwerengere: 800 katatu ndi mamiligalamu 2,400. Mulingo umene munthu wamkulu sayenera kupyola pa tsiku popanda dokotala ndi 1,200. Iye wafika kale pawiri. Lachitatu mlamu wake wamupatsa makapisozi a indosidi, akuti amenewa ndiye eni ake a msana, ndipo bamboyo akumwa onse pamodzi, osadziwa kuti ndi banja limodzi. Kuphatikiza abale awiri sikuwonjezera mpumulo wooneka, kumangowonjezera ngozi.

Lachinayi wadya china chake chosayenera, wayamba kutsekula m'mimba. Akuopa kumwa madzi ambiri poganiza kuti awonjezera kutsekulako. Mankhwala ake a tsiku ndi tsiku sanaleke. Tsopano onani zimene zikuchitika pa sefa. Kutsekula ndi mapilitsi okodzetsa achepetsa madzi m'ngalande. Enalapulilo, mwa ntchito yake, amamasula kamtsempha kotulutsa, ndiye kumunsi kwatseguka. Bulufeni ndi indosidi atseka kumtunda. Madzi ochepa, kolowera kopanikizika, kotulukira kwayasama: pa sefa palibenso mphamvu. Madokotala amaidziwa bwino mitundu itatu imeneyi, okodzetsa, enalapulilo ndi banja la bulufeni, ikakumana, ndipo amaiopa.

Loweruka bamboyo wakodza kamodzi kokha, pang'ono, mkodzo wakuda ngati tiyi. Akumva nseru, chakudya sichikulowa, thupi lalefuka. Akuganiza kuti ndi malungo. Apa ndi pomwe impso imapusitsira anthu, chifukwa siipweteka ikamafa. Masiku akapita, mapazi ndi nkhope zimatupa, mpweya umayamba kubanika, mutu umasokonezeka, ndipo mchere wina wotchedwa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kutha kuimitsa mtima. Ena mkodzo suchepa n'komwe, ndipo chimene chimaulula ndi kuyeza magazi kokha. Amayeza chinthu chotchedwa kiliyatinini, chimene impso yathanzi imataya. Mwa munthu wamkulu chimakhala cha pakati pa 60 ndi 110 pa muyezo umene malabu ambiri amagwiritsa ntchito. Chikakwera ndi theka la pomwe chinali m'kati mwa sabata imodzi, tinene kuchoka pa 90 kufika pa 135 kapena kuposa, dokotala amadziwa kuti impso zavulala.

Akafika msanga, nkhani yake imatha bwino nthawi zambiri. Amamuletsa bulufeni ndi indosidi, amamuimitsa kaye mapilitsi okodzetsa ndi enalapulilo kwa masiku angapo, amamuika dilipi, ndipo impso zimatha kudzuka m'masiku ochepa kapena masabata. Akachedwa, timasefa timene takhala nthawi yaitali topanda magazi timafa, ndipo pamafunika makina osefa magazi. Ku Malawi makina amenewa amapezeka m'zipatala zochepa zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa bambo wa kumudzi wakutali, mtunda umenewo wokha ndi chiweruzo. Ndipo ena amene apulumuka amatsala ndi impso zofooka moyo wawo wonse.

Mukaona nkhani ya bamboyu, mndandanda wa oyenera kupewa mankhwalawa sufunikanso kuloweza, umadzifotokoza wokha. Aliyense amene impso zake zikudalira kale dzanja lija asalichotse. Ameneyo ndi wodwala impso, ngakhale pang'ono. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, chifukwa matenda awiriwa amadya impso mwakachetechete. Wodwala mtima wofooka amene amatupa miyendo. Wodwala chiwindi amene mimba yadzaza madzi. Ndi okalamba, makamaka opyola zaka 65, popeza impso imachepa mphamvu ndi ukalamba ngakhale munthu akuoneka wanyonga. Bulufeni amachititsanso thupi kusunga mchere ndi madzi, motero amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa mankhwala ake. Pa mndandandawu palinso inu ndi ine pa tsiku limene tikutsekula m'mimba, tikusanza kapena tatentha thupi osamwa madzi. Mwana amene akutsekula m'mimba ndipo watentha thupi amafunika thanzi wa madzi uja ndi panado wa mulingo wake, osati ibupulofeni wamadzi.

Pali gulu lina limene kwathu kuno ndi lalikulu: amene ali pa ma ARV. Mbulu umene ambiri amamwa tsiku lililonse uli ndi mankhwala otchedwa tenofovira, amene amatulukira ku impso ndipo mwa anthu ena amazilemetsa. Ambiri amakhala nawo bwinobwino zaka ndi zaka. Koma kuwonjezerapo dayikolofenaki kapena bulufeni wambiri kwa masiku ochuluka ndi kusenzetsa impso katundu wachiwiri. Osaleka ma ARV ayi. Choyenera kuleka ndi chizolowezi chogula opha ululu osauza adokotala a ku kiliniki.

Ku mbali ya chifu, woyamba kupewa ndi amene anadwalapo zilonda za m'mimba kapena kusanza magazi. Kenako amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga wafarini, amene akumwa peredinisoloni, ndi amene adokotala anawapatsa asipilini wamng'ono wa mamiligalamu 75 woteteza mtima. Asipiliniyo apitirize, koma asamuwonjezere mnzake. Ndipo abale anga okonda bibida, kumwa bulufeni m'mawa pothetsa matsire ndi kumenya malo awiri nthawi imodzi: mowa wakanda kale chifu ndipo waumitsa kale thupi.

Amayi oyembekezera nkhani yawo ndi ya anthu awiri. Kuyambira pakati pa mimba, madzi amene mwana amasambiramo m'chiberekero amachokera kwambiri ku mkodzo wa mwanayo. Mankhwalawa amadutsa n'kukafika ku impso zake, madziwo n'kuchepa. Mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti apewedwe kuyambira masabata 20 a mimba. Miyezi itatu yomaliza ngozi imakula, chifukwa amathanso kutseka nthawi isanakwane kamtsempha kena ka pafupi ndi mtima wa mwana kamene kamayenera kutsekeka atabadwa. Mayi woyembekezera asamwe banja limeneli pokhapokha atalemberedwa ndi a kusikelo. Odwala mphumu ena nawonso amabanika akamwa asipilini kapena bulufeni. Amene zinamuchitikirapo kamodzi asayesenso.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo si zopusa. Anena kuti chipatala chili kutali, ukafika umakhala pa mzere mpaka masana, mwina n'kuuzidwa kuti ukagule wekha. Wakabaza amene msana ukumupweteka akapanda kupalasa lero, ana agona ndi njala. Kumuuza kuti asamwe bulufeni popanda kumupatsa china ndi kulankhula kwa munthu wokhuta. Anenanso kuti ku Mangalande komwe anachokera amagulitsidwa m'sitolo wamba. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti aletsedwe. Koma kumeneko amagulitsidwa m'kabokosi kolembedwa mulingo ndi machenjezo, muli kapepala kotchula oyenera kupewa. Kwathu mbulu umafika m'manja uli wamaliseche, wodulidwa pa paketi ya mapilitsi ndi lumo, wopanda dzina, wopanda nambala. Wogula sadziwa ngati ndi wa 200 kapena wa 400. Amaudziwa ndi mtundu wake wokha, kuti "kofiirira kaja". Kusiyana kwake kuli pamenepo. Ndipo kumene kuyezetsa impso kuli kovuta ndipo makina osefa magazi ali kutali, kusamala kuyenera kukhala kokulirapo, osati kocheperapo.

Za panado amene "sagwira" ndili nazonso mawu. Kawirikawiri amene amatero amamwa kambulu kamodzi ka mamiligalamu 500 kamodzi pa tsiku, n'kugamula mlandu. Mulingo wa munthu wamkulu wolemera makilogalamu opyola 50 ndi mibulu iwiri, ndiye kuti mamiligalamu 1,000, pakapita maola 6 aliwonse, osapyola mibulu 8 pa tsiku. Akamwedwa motero, amathandiza ululu wambiri wa tsiku ndi tsiku, ndipo sakanda chifu kapena kutseka magazi a ku impso. Nayenso ali ndi malire ake: wopyola muyezo amawononga chiwindi, ndipo wodwala chiwindi, chidakwa kapena munthu wowonda kwambiri ayenera kumwa wocheperapo. Mankhwala ambiri a chimfine amakhala ndi panado kapena asipilini mkati, choncho awerengedwe nawo.

Pali ena amene bulufeni amafunikadi kwa nthawi yaitali, monga odwala nyamakazi yotupitsa mfundo. Amenewo ndi a dokotala, amene amatha kuwapatsa omepulazo woteteza chifu ndi kuwayeza impso nthawi ndi nthawi. Dziwani kuti omepulazo amateteza chifu chokha, impso sazidziwa. Kwa ena tonsefe, lamulo lake ndi mtundu umodzi wokha, mulingo wochepa umene ukuthandiza, madzi okwanira, ndipo masiku ochepa. Ululu umene ukufuna bulufeni tsiku lililonse kupyola sabata ukufuna kupimidwa, chifukwa msana wopweteka miyezi ungakhale chifuwa chachikulu cha m'mafupa kapena matenda ena amene mbulu ukungowaphimba.

Chimene ndikupempha kwa ogulitsa m'mafamase ndi m'timasitolo ta mankhwala sichitenga ngakhale mphindi imodzi. Musanadule mapilitsi, funsani: akumwa ndani, ali ndi zaka zingati, kodi ndi woyembekezera? Pali mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, kapena anadwalapo impso kapena zilonda za m'mimba? Lero akutsekula, akusanza, akukodza bwino? Funso loyambalo ndi lofunika kuposa mmene limaonekera, chifukwa nthawi zambiri woima pa kauntala ndi mdzukulu wotumidwa, pomwe womwa ndi agogo ali gone kunyumba. Bambo wathu uja akanafunsidwa Lolemba za mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, akanatchula mapilitsi ake awiri a m'mawa, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito akanabweza bulufeni pa shelefu n'kumupatsa panado ndi mankhwala opaka pamsana.